Kukonza kanema wa kaphikidwe: pofunika kudula, pofunika kufulumizitsa, ndi posayenera kukhudza

Kuphika chambo cha msuzi ndi kondowole pa mbaula kumatenga pafupifupi ola limodzi, koma woonera pa foni amapirira mphindi zitatu kapena zinayi. Ntchito ya wokonza kanema ndi kuchotsa mphindi zoposa 50 popanda kuchotsa chimene woonerayo wadzera. Iye amafuna kuona zizindikiro: mtundu wa anyezi pa nthawi yothira tomato, kulemera kwa msuzi pa supuni, mmene mthiko ukuyendera m'poto wa kondowole. Choncho chotayidwa ndi nthawi yodikira, pamene nthawi imene chakudya chikusintha kapena dzanja likuphunzitsa iyenera kutsala pa liwiro lake lenileni.

Tiyerekeze kuti mwajambula pakhonde ku Nkhotakota ndi mafoni awiri. Imodzi munaimangirira pamtengo wopingasa pamwamba pa tebulo ndi mbaula, ikuyang'ana pansi. Inayo inali pambali, pafupi ndi poto. Zophikazo ndi nsomba ziwiri za chambo, anyezi mmodzi wamkulu, tomato anayi, mafuta masupuni anayi, mchere, madzi kapu imodzi ndi theka, ndi ufa wa kondowole. Mukufuna kanema wa mphindi 4, omwe ndi masekondi 240. Maina a mabatani amene atchulidwe pano ndi a CapCut, pulogalamu yokonzera kanema pa foni, koma InShot ndi KineMaster zimagwiranso ntchito yomweyi ndi maina osiyanako pang'ono.

Gawani masekondi musanadule chilichonse

Onerani zonse zimene mwajambula kamodzi, muli ndi pepala ndi cholembera, nkumalemba nthawi imene chinthu chofunika chachitika: pamene nsomba yalowa m'mafuta, pamene yatembenuzidwa, pamene chivindikiro chachotsedwa. Ambiri amadumpha gawo limeneli, kenako amathera masekondi 90 pa kudula anyezi, nkufika pa kondowole nthawi itawathera.

Mukamaliza, gawani masekondi 240 aja papepala pomwepo. Chiyambi chikhale masekondi 5 oonetsa mbale ya chakudya chakupsa, kuti woonera adziwe kumene akupita. Zofunika zonse zitayalidwa patebulo zitenge 15. Kupala, kutumbula ndi kucheka nsomba kutenge 35, kudula anyezi ndi tomato 20, kukazinga nsomba 40, anyezi ndi tomato m'poto 35, kubwata kwa msuzi 20, kondowole 55, kuomola ndi kuika patebulo 15. Taonani kuti kubwata kwa msuzi, komwe kunatenga mphindi 15, kwapatsidwa masekondi 20 okha, pamene kuvundula kondowole, komwe kunatenga mphindi zitatu, kwapatsidwa 55. Kagawidwe kameneka kakutsata kuvuta kwa ntchito, chifukwa pa kondowole ndi pamene wophunzira amalephera.

Onaninso malo m'foni. Ola limodzi la kanema wa 1080p limadya pakati pa 4 GB ndi 8 GB malinga ndi foni, ndipo inu muli ndi makamera awiri. Foni ikadzaza, pulogalamu imayamba kukakamira kapena kutsekeka pa nthawi yotulutsa kanema. Kuchokera m'foni ya pafupi ija, tumizani tizidutswa tokhato timene mwatilemba papepala, ndipo mutumize pa chingwe kapena pa Bluetooth. Mukatumiza pa WhatsApp mwa masiku onse, kanemayo amafinyidwa ndipo mamba a nsomba amasanduka matope.

Yambani ndi kamera ya pamwamba yokha

Tsegulani `New project`, lowetsani zojambula za pamwamba zokha pamzere waukulu, ndipo sankhani nthawi yomweyo kaimidwe ka kanema pa `Aspect ratio`, pomwe pa mitundu ina ya CapCut palembedwa `Ratio`. Sankhani 9:16, woimirira, ngati ndi wa TikTok kapena sitetasi, 16:9, wopingasa, ngati ndi wa YouTube. Mukasintha pambuyo pake, mawu onse olembedwa ndi tizidutswa tonse tosanjikiza pamwamba pa chithunzi zimasokonekera malo.

Kenako onani kumene manja akuchokera. Kawirikawiri foni ya pamwamba imamangidwa moyang'anizana ndi wophika, ndiye manja amalowa kuchokera kumtunda kwa chithunzi, dzanja lamanja nkumaoneka kumanzere. Tembenuzani chidutswacho ndi `Rotate` kawiri, kuti chizungulire madigiri 180, manja azichokera kumunsi. Woonera amamva ngati manjawo ndi ake, ndipo akafuna kutsanzira kagwiridwe ka mpeni sayenera kutembenuza kanthu m'mutu. Musagwiritse `Mirror` pa ntchito imeneyi, chifukwa imasandutsa wophika kukhala wamanzere ndipo malemba a pabotolo la mafuta amawerengeka chobwerera.

Tsopano dulani ndi `Split` potsata pepala lanu, nkufufuta zonse zimene manja atuluka m'chithunzi kukatenga chinthu, kukupiza moto, kapena kudikira. Pa ntchito yobwerezabwereza, onetsani yoyamba yonse, yotsatira pang'ono, kenako zotsatira zake. Nsomba yoyamba ipalidwe pa liwiro lenileni kuchokera kumchira kupita kumutu, itumbulidwe, ichekedwe mizere itatu mbali iliyonse. Yachiwiri ingooneka ili kale m'mbale. Tomato woyamba adulidwe yense, atatu enawo awoneke atadulidwa.

Malizani mzere waukulu wonse, kuphatikizapo kufulumizitsa, musanaike kachidutswa kamodzi ka pafupi. Chifukwa chake ndi chakuti mukafupikitsa chidutswa pamzere waukulu, zonse za kutsogolo zimabwerera m'mbuyo, ndipo zosanjikiza sizitsatira bwino nthawi zonse. Mukhoza kudzapeza kachidutswa koonetsa msuzi kali pamwamba pa kudula anyezi.

Njira ziwiri zofupikitsira nthawi

Njira yoyamba ndi kufulumizitsa, yachiwiri ndi kudumpha. Posankha, dzifunseni ngati diso lingaone kusintha kukuchitika. Ngati lingaone, fulumizitsani. Ngati poto ndi wovindikira kapena madzi akungodikira kuwira, dumphani, chifukwa chivindikiro chofulumizitsidwa ndi chivindikiro chomwecho.

Tomato m'poto ndiye woyenera kufulumizitsa. Pa mphindi 6 amachoka pokhala zidutswa, nkufewa, nkusungunuka, mpaka mafuta kuyamba kuonekera m'mbali. Kuti mupeze liwiro, gawani masekondi enieni ndi masekondi amene mukufuna. Mphindi 6 ndi masekondi 360, ndipo mukafuna 12, liwiro ndi 30. Sankhani chidutswacho, pitani pa `Speed`, kenako `Normal`, nkukokera pa 30x. Koma musafulumizitse kuyambira poyambirira mpaka pamapeto. Siyani masekondi atatu oyamba, pamene tomato akugwera m'mafuta, pa liwiro lenileni, ndipo siyaninso anayi kapena asanu omaliza, pamene supuni ikukankha tomato nkuonetsa mafuta atapatuka. Gawo lapakati lokha ndi limene lithamange. Popanda masekondi omalizawo, chizindikiro chimene woonera amafuna chimadutsa m'kuphethira kwa diso. Anyezi muchite chimodzimodzi: mphindi 4, kapena kuti masekondi 240, pa 30x zimakhala masekondi 8, ndipo muime pamene wafika pofiirira pang'ono.

Manja ali ndi malire ake. Poto wopanda manja amaoneka bwino pa 20x mpaka 60x, koma manja akapitirira 4x amayamba kunjenjemera ngati mapiko, ndipo woonera satolapo kanthu. Ngati wophika amalowetsa supuni pafupipafupi m'gawo la tomato lija, pa 30x dzanja liziphethira nkumasowa. Dulani ndi kutaya tizigawo ta dzanjato musanafulumizitse. Poti kamera sinasunthe ndipo poto ali pamalo amodzi, mabala a kudulako saoneka. Aoneka pokhapokha ngati poto anasunthidwa pa mbaula, ndipo pamenepo mubise kudumphako ndi kachidutswa ka pafupi.

Kubwata kwa msuzi ndiko kofunika kudumpha. Mphindi 15 ndi masekondi 900, ndipo ngakhale pa 100x, pomwe ndi pamapeto pa CapCut, mukhala ndi masekondi 9 a chivindikiro chokhachokha. M'malo mwake, onetsani nsomba zikubwezedwa m'poto ndi madzi akuthiridwa kwa masekondi 6, chivindikiro chikuikidwa kwa masekondi 3 ndi mawu olembedwa akuti "Mphindi 15, moto wochepa", kenako dumphirani pamene chikuchotsedwa. Masekondi 11 otsalawo apite kwa kamera ya pafupi: msuzi ukutsika pang'onopang'ono pa supuni, ndi mnofu wa nsomba ukupatuka pa minga ukakhudzidwa. Kudumpha kotere kumayenda bwino mukadula pa ntchito yofanana, dzanja likuika chivindikiro, dzanja likuchotsa chivindikiro. Simufunika `Transition` ya nyenyezi kapena yozungulira. Ngati mukufuna chizindikiro choti nthawi yapita, kusungunula chithunzi china mu chinzake kwa theka la sekondi nkokwanira.

Paliponse pamene mwafupikitsa, lembani nthawi yeniyeni. Ichi si chokongoletsa ayi. Woonera akaona nsomba ikukazingidwa kwa masekondi 40, ena amakatembenuza yawo isanagwire, khungu nkukakamira kupoto, nsomba nkuphwasuka. Lembani kuti "Mphindi 5 mbali iliyonse, osaigwedeza", ndipo mawuwo akhalepo masekondi osachepera atatu. Pa kanema wa 9:16 aikeni kumtunda kapena chapakati, chifukwa kumunsi ndi kudzanja lamanja TikTok imaikako mabatani ndi malemba ake. Pa mbaula, "moto wochepa" ndi mawu chabe, choncho ngati muli ndi kachidutswa ka makala atayera phulusa, kaikenipo sekondi imodzi kapena awiri.

Vuto lina limaonekera pokhapokha mukafulumizitsa: chithunzi chimayamba kuwala nkumada mosinthanasinthana. Zimachitika ngati mitambo inkadutsa kapena ngati foni inkadzisinthira yokha kuwala nthunzi ikakwera. Pa liwiro lenileni diso silizindikira, koma pa 30x zimakhala ngati mphezi. Ngati kuphethirako kuli kochuluka, siyani kufulumizitsa ndipo tengani tizidutswa titatu ta masekondi atatuatatu, koyambirira, kapakati ndi komaliza, nkulinganiza kuwala kwake pa `Adjust`. Ulendo wina pojambula, dinani nkugwiritsa chala pa poto mpaka foni isiye kudzisinthira yokha kuwala ndi kulunjika kwa diso lake, ndipo jambulirani pamthunzi wa khonde, osati padzuwa.

Kulowetsa kamera ya pafupi

Kamera ya pamwamba imauza woonera chimene chikuchitika ndi kuchuluka kwake. Siionetsa kuzama, choncho singaonetse ngati mafuta ali ochepa kapena ambiri, ngati msuzi walemera, kapena kuya kwa mizere yochekedwa pa nsomba. Pamenepo ndi pamene kamera ya pafupi ilowe, ndipo ilowe ndi chifukwa. M'kanema wathu malo ake aakulu ndi asanu ndi limodzi: mpeni ukucheka nsomba, nsomba ikulowa m'mafuta, khungu lofiirira potembenuza, mafuta atapatuka pa tomato, msuzi pa supuni, ndi kondowole akutamuka pa mthiko. Kulowetsa kachidutswa ka pafupi masekondi awiri alionse kumatopetsa maso ndipo woonera amataya malo.

Dinani `Overlay`, sankhani kachidutswako, nkukatambasula ndi zala ziwiri mpaka kadzaze chithunzi chonse. Kukalumikiza ndi kamera ya pamwamba, funani kamphindi kamene zinthu ziwiri zikugundana, monga mchira wa nsomba kukhudza mafuta kapena mthiko kugunda m'mphepete mwa poto. Tambasulani mzere wa nthawi ndi zala mpaka muzitha kuyenda fulemu imodziimodzi, kutanthauza chithunzi chimodzichimodzi mwa zithunzi zopanga kanema, pezani kamphindiko pa makamera onse awiri, nkuwaika pamzere umodzi. Pa mafulemu 30 pa sekondi, kuphonya ndi mafulemu atatu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo khutu limazindikira kale kuti phokoso la mafuta labwera nsomba isanafike.

Dulani ntchito ili mkati. Dzanja liyambe kutsitsa nsomba pa kamera ya pamwamba, limalizire pa kamera ya pafupi. Diso limakhala likutsata dzanja ndipo siliona kuti kamera yasintha. Mukadula dzanja litaima, kudulako kumaonekera, ndipo mukabwereza kachigawo, nsomba imalowa m'mafuta kawiri. Kachidutswa ka pafupi kakhale masekondi awiri mpaka anayi, kupatula pamene pali chizindikiro chofunika kuchiyang'anitsitsa, kenako bwererani pamwamba.

Samalani zinthu ziwiri. Choyamba, chakudya chikhale pa msinkhu umodzi pa makamera onse. Ngati pamwamba anyezi akadali woyera koma pafupi wafiira, ophika amaona msanga ndipo amasiya kukhulupirira nthawi zimene mwalemba. Chachiwiri ndi mtundu. Mafoni awiri osiyana saona mofanana, ina imakokera kuchikasu, ina kobiriwira. Funani chinthu choyera chimene chili m'zithunzi zonse, monga ufa kapena mbale, ndipo sinthani `Temperature` ndi `Brightness` pa kachidutswa ka pafupi mpaka kuyera kwake kufanane. Musakweze kwambiri `Saturation`, chifukwa msuzi wa tomato umasanduka wofiira ngati penti ndipo woonera aziganiza kuti wake walakwika.

Ngati munali ndi foni imodzi yokha koma munajambula pa 4K, mutha kupeza chithunzi cha pafupi pokulitsa chomwecho. 4K ndi 3840 kwa 2160, kuwirikiza kawiri 1920 kwa 1080, choncho kukulitsa kawiri sikuwononga kanthu mukatulutsa pa 1080p. Zojambula za 1080p musazikulitse kupitirira kachigawo kakang'ono, zimachita chimbuuzi. Ndipo dziwani kuti kukulitsa sikusintha mbali imene kamera ikuonera, choncho kulemera kwa msuzi sikuonekabe.

Kondowole asafulumizitsidwe

Amene anazolowera nsima ya chimanga amayembekeza phala poyamba. Kondowole sayenda choncho: madzi amawira, ufa umathiridwa, ndipo kuvundula kumayamba pomwepo mwamphamvu, mpaka ufa woyera uja utasanduka wotuwirako, womata ndi wotamuka. Mibulu imabadwa m'masekondi oyamba amenewa, ndiye masekondi 20 oyambirira, kuchokera pamene ufa wakhudza madzi, akhale pa liwiro lenileni osadula. Woonera ayenera kuona kuchuluka kwa ufa poyerekeza ndi madzi, ndi changu cha mkono. Mukafulumizitsa apa, sangasiyanitse changu cha wophika ndi changu cha pulogalamu.

Kudikira madzi kuwira kudumpheni konse, mungoonetsa masekondi atatu akubwata. Pakati pa kuvundula, pamene mkono ukubwereza zomwezo, dulani tizigawo m'malo mofulumizitsa, ndipo mubise kudulako posinthana makamera. Masekondi 10 omaliza apite pafupi: mthiko ukukwezedwa, kondowole akutamuka, palibe ufa woyera wotsala.

Ophika ambiri amaphula poto pamoto nkumuika pansi kuti avundule bwino, ena atamupana ndi mapazi. Zikatero poto amatuluka m'chithunzi cha pamwamba. Musadule mongodumpha kuchokera pa mbaula kufika pansi, chifukwa kuphulako ndi gawo la kaphikidwe. Onetsani manja akunyamula poto, kenako pitirizani ndi kamera ya pambali. Nthunzi nayo imaphimba diso la kamera ya pamwamba madzi akamawira, ndipo chithunzi chikachita chifunga palibe batani lochikonza. Masekondi amenewo aphimbeni ndi kamera ya pafupi.

Mawu ndi phokoso la m'khitchini

Chidutswa chilichonse chofulumizitsidwa chitsekeni mawu, `Volume` ifike pa 0, apo ayi muzimva kulira kwa tizilombo m'malo mwa mafuta. Koma musasiye zii, chifukwa woonera amaganiza kuti foni yake yavuta. Pezani masekondi 15 a phokoso loyera la kukazinga, lopanda wolankhula, lichotseni ndi `Extract audio`, nkuliyala pansi pa gawo lofulumiralo. Phokosoli ndi phunzironso: kulira kwa mafuta nsomba ikamalowa kumauza woonera kuti mafuta anali atatentha mokwanira, choncho pamenepo lisiyeni limveke ndithu.

Kunyanja mphepo imavuta, makamaka miyezi ya mwera. Mphepo ikaomba pa maikolofoni ya foni mawu amaphwanyika, ndipo `Reduce noise` imangochepetsako nkusiya mawu omveka ngati a m'chitini. Njira yabwino ndi kujambula mawu ofotokozera pambuyo, zithunzi zitatha kukonzedwa, m'chipinda chotseka, foni ili patali ngati chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa. Jambulani gawo limodzilimodzi ndi `Voiceover`. Mawu atsogole pang'ono, "tsopano tithira tomato" amveke theka la sekondi tomato asanagwe, kuti diso lidziwe chodikira. Wolankhula asanene zimene zikuoneka kale, anene zimene chithunzi sichinganene, monga chifukwa chosagwedezera nsomba. Pamene akulankhula, phokoso la m'khitchini litsike kuchoka pa 100 kufika pa 15 kapena 20. Nyimbo za oimba odziwika zisiyeni ngati mulibe chilolezo, chifukwa Facebook ndi YouTube zikazizindikira zimatha kutseka mawu a kanema, ndipo malangizo anu amapita nawo limodzi.

Kutulutsa ndi kuyesa

Tulutsani pa mafulemu omwe munajambulira, 30 ngati munajambula pa 30. Kukula kwa fayilo kumadalira `Bitrate`, kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya kanema, yomwe pa CapCut ya pa foni nthawi zina imalembedwa `Code rate`. Pa 5 Mbps, masekondi 240 amapereka 150 MB, ndipo pa 2.5 Mbps amapereka 75 MB. Sungani fayilo imodzi ya 1080p yoika pa YouTube kapena Facebook, ndi ina ya 720p yotumizirana, poti amene akulandira amawerengera bandulo. Musatsitse kwambiri, chifukwa nthunzi, mafuta obwata ndi magawo ofulumizitsidwa ndiwo amayamba kuphwanyika kukhala timabokosi.

Musanatumize, oneranipo kawiri pa foni yaying'ono. Ulendo woyamba tsekani mawu, muone ngati malemba okha akupereka muyeso uliwonse ndi nthawi iliyonse. Ulendo wachiwiri mupatse munthu amene sanaphikepo kondowole, ndipo akamaliza mumufunse kuti nsomba inakhala mphindi zingati mbali imodzi, tomato amathiridwa anyezi akafika pati, ndipo kondowole amadziwika bwanji kuti wapsa. Funso limene walephera likulozerani chidutswa chimene mwachifupikitsa mopitirira. Bwererani pamenepo muwonjezere masekondi awiri kapena atatu a kamera ya pafupi, ndipo muwachotse pa kudula anyezi kapena pa kuyala zofunika patebulo.